Mbiri ya Kulumpha kwa Madzi m'Ngalande: Mmene Kuya kwa Kumunsi ndi Mphamvu Yotayika Zinadziwikira

Madzi akatuluka mwaliwiro pansi pa chitseko cha damu, kapena akatsetsereka pa khoma lotayira madzi, amayenda ali opyapyala ndi osalala, koma akakumana ndi madzi akuya amene akuyenda pang'onopang'ono kumunsi, amatukuka mwadzidzidzi, n'kuwinduka, n'kuchita thovu ndi mkokomo, kenako n'kupitiriza ulendo ali akuya ndi odekha. Kutukuka kwadzidzidzi kumeneku ndi kumene akatswiri a za madzi amakutcha kulumpha kwa madzi. Kumaoneka ngakhale pa mbale yafulati imene yaikidwa pansi pa mpopi, pomwe madzi amamwazika ali opyapyala kuchokera pakati mpaka pa mzere wozungulira umene amakwererapo. Mafunso amene anavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri anali awiri: madziwo adzakhala akuya bwanji akamaliza kulumpha, ndipo ndi mphamvu yochuluka bwanji imene imathera m'kuwindukako. Mbiri ya mafunso awiriwa ikuonetsa kuti yankho linachedwa chifukwa ofufuza oyamba anafuna kupeza kuya pogwiritsa ntchito chinthu chimene kulumphako kumawononga, ndipo njira inatseguka pamene anasiya kuwerengera mphamvu n'kuyamba ndi kuwerengera kukankhana kwa madzi.

Oyamba kuona ndi kuyeza

Leonardo da Vinci, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1452 mpaka 1519, anajambula ndi kufotokoza m'makope ake mmene madzi othamanga amawindukira akagwera m'madzi odekha, koma iye anali woonetsetsa ndi wojambula, ndipo sanasiye njira yowerengera. Munthu woyamba kuyeza kulumphaku mwadongosolo anali Giorgio Bidone, mphunzitsi wa za madzi pa yunivesite ya Turin ku Italy, amene anabadwa mu 1781 n'kumwalira mu 1839. Iye ankagwira ntchito pa malo oyesera madzi a Parella, kunja pang'ono kwa mzindawo, amene Francesco Domenico Michelotti anayambitsa m'zaka za m'ma 1760. Bidone ankayendetsa madzi mwaliwiro m'ngalande yopapatiza, n'kuika chotchinga kumapeto kwake kuti madzi abwerere m'mbuyo, kenako n'kuyeza kuya kwa madzi asanalumphe ndi atalumpha. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1820 ndi bungwe la sayansi la ku Turin, ndipo mpaka lero Ataliyana amakutcha kulumpha kwa Bidone.

Chimene chinali chachilendo pa zimene Bidone anaona n'chakuti chotchinga chija sichinkakweza madzi pang'onopang'ono mpaka kutali kumtunda, monga mmene zimakhalira pa mtsinje wodekha umene wautseka, koma madzi a kumtunda ankabwerabe ndi liwiro lawo lonse ngati kuti kutsogolo kulibe kanthu, mpaka pa malo amodzi pomwe ankatukuka kamodzin'kamodzi. Chifukwa chake chinadzamveka bwino pambuyo pake. M'madzi osaya, kafunde kakang'ono kamayenda pa liwiro lofanana ndi √(g × y), pomwe y ndi kuya kwa madzi ndipo g ndi chikoka cha dziko, chimene ndi mamita 9.81 pa sekondi pa sekondi iliyonse. Kafundeka ndi kamene kamanyamula uthenga wakuti kutsogolo kwatsekeka. Madzi akamayenda pang'onopang'ono kuposa kafundeka, uthengawo umakwera kumtunda ndipo madzi amayamba kukwera asanafike pa chotchinga. Koma akamathamanga kuposa kafundeka, uthengawo umakokoloka usanapite patali, choncho madzi amafika osakonzeka ndipo kusintha konse kumachitikira pa malo amodzi.

Kuyerekeza liwiro la madzi ndi liwiro la kafunde kumapereka nambala imene masiku ano imatchedwa nambala ya Froude, potengera dzina la William Froude, Mngelezi amene ankayesa tizombo tating'ono m'thanki ku Torquay m'zaka za m'ma 1870, ngakhale kuti iye ankafufuza za zombo osati za ngalande. Nambalayi imalembedwa motere, pomwe V ndi liwiro la madzi:

Fr = V / √(g × y)

Nambalayi ikaposa 1, madzi amatchedwa othamanga, ndipo ikachepera 1 amatchedwa odekha. Kulumpha kumachitika pokhapokha madzi othamanga akamasanduka odekha, ndipo sikuchitika mobwerera.

Kulakwa kwa 1828 ndi kukonzedwa kwake

Ntchito yosandutsa miyeso ya Bidone kukhala fomula inagwera Jean-Baptiste Bélanger, injiniya wa ku France amene anabadwa mu 1790 n'kumwalira mu 1874. M'kabuku kake ka 1828, kamene kanayala njira yowerengera mmene kuya kwa madzi kumasinthira pang'onopang'ono m'ngalande yaitali, iye anazindikira molondola kuti njirayo imalephera pa malo olumphira ndi kuti malowo amafuna lamulo lawolawo. Lamulo limene anasankha linali lochokera kwa Daniel Bernoulli, amene buku lake la za kuyenda kwa madzi linatuluka mu 1738, ndipo limanena kuti ngati palibe chowononga mphamvu panjira, mphamvu ya madzi imangosintha maonekedwe, kuchoka pa liwiro kupita pa kuya kapena kuchoka pa kuya kupita pa liwiro, koma kuchuluka kwake konse sikusintha. Akatswiri amayeza mphamvu imeneyi m'mamita, ngati msinkhu umene madziwo akanafika liwiro lawo lonse litasanduka kukwera:

E = y + V² / (2g)

Vuto linali lakuti kulumpha kwa madzi ndi malo amene mphamvu imawonongeka kwambiri kuposa pena paliponse m'ngalande, popeza madzi apamwamba amagudubuzika chobwerera m'mbuyo, kukhulana ndi madzi othamanga apansi, kumeza mpweya ndi kugawika m'timizunguliro tosawerengeka timene timathera m'kutentha. Kulakwaku sikunaonekere msanga chifukwa kulumpha kumene Bidone ankapanga kunali kwakung'ono, ndipo pa kulumpha kwakung'ono mphamvu yotayika imakhala yochepa. Mwachitsanzo, nambala ya Froude ikakhala 2, gawo lotayika limangokhala pafupifupi 9 pa 100 alionse. Fomula yolakwika inkapereka mayankho oyandikira miyeso, ndipo kuyandikirako kunabisa kuti maziko ake anali opotoka.

Bélanger mwini ndi amene anakonza kulakwa kwake, ndipo zolemba za maphunziro amene ankapereka pa sukulu ya mainjiniya a misewu ndi milatho ku Paris mu 1841 zili ndi yankho lolondola. Jacques Bresse analiikanso m'buku lake la 1860, ndipo miyeso ya Henri Bazin, amene anapitiriza ntchito ya Henry Darcy pafupi ndi Dijon n'kuisindikiza mu 1865, inawonjezera umboni wa kulumpha kwa mitundu ina. Mabuku ambiri a m'zaka za m'ma 1900 ankanenabe kuti fomula yolondola inachokera m'kabuku ka 1828, mpaka ofufuza a posachedwapa, mmodzi wa iwo Hubert Chanson wa pa yunivesite ya Queensland ku Australia, atawerenganso zolemba zoyambirira n'kuonetsa kuti pakati pa kulakwa ndi kukonza panadutsa zaka zoposa 10.

Njira yolondola imayamba ndi momentamu, kutanthauza kulemera kwa chinthu choyenda kuchulukitsa ndi liwiro lake. Malinga ndi lamulo lachiwiri la Isaac Newton, momentamu ya madzi singachepe pokhapokha chinthu china chochokera kunja chitawakankha chobwerera. Ngati munthu ajambula m'maganizo bokosi lokuta kulumpha konse, mbali imodzi pa madzi othamanga ndi ina pa madzi odekha, kuwinduka konse kumatsalira m'kati mwa bokosilo, momwe madzi amangokankhana okhaokha, ndipo kukankhana kwa m'katiko sikusintha momentamu ya zonse pamodzi. Zokankha zochokera kunja ndi ziwiri zokha: madzi osaya a kumtunda amene amakankhira kutsogolo pang'ono, ndi madzi akuya a kumunsi amene amakankhira m'mbuyo kwambiri, pakuti kukankha kwa madzi pa mita iliyonse ya m'lifupi ndi ½ρgy², ndipo kumakula kanayi kuya kukawirikiza kawiri. Chilembo ρ chikuimira kulemera kwa madzi, makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita. Kukhula kwa madzi pa konkire yapansi kumasiyidwa chifukwa kulumpha n'kwakufupi. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti sifuna kudziwa chimene chikuchitika m'thovu, chomwe palibe amene akanatha kuchiyeza. Kwa ngalande yafulati ya makoma oongoka, yankho lake ndi ili, pomwe 1 akuimira madzi asanalumphe ndipo 2 akuimira atalumpha:

y₂ / y₁ = ½ × (√(1 + 8Fr₁²) − 1)

Kuya kwa kumunsi kukadziwika, lamulo la mphamvu limapeza malo ake oyenera, osati ngati chopezera kuya koma ngati kaundula wa zimene zatayika. Kuchotsa mphamvu yotsala pa mphamvu yoyamba kumapereka fomula yachidule iyi:

ΔE = (y₂ − y₁)³ / (4 × y₁ × y₂)

Fomulayi imaonetsanso chifukwa chake kulumpha sikuchitika mobwerera, pakuti madzi akuya atati agwe mwadzidzidzi n'kusanduka othamanga pa malo afulati popanda chotchinga, yankho likanakhala pansi pa ziro, kutanthauza kuti madziwo apeza mphamvu yopanda gwero. Lord Rayleigh anafotokoza mfundo imeneyi mu 1914 polemba za mafunde aatali ndi khoma la madzi limene limakwera m'mitsinje ina nyanja ikadzaza, ndipo anaonetsa kuti khoma loyendalo ndi kulumpha koima pamodzi zimatsata lamulo limodzi.

Chitsanzo chowerengedwa

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumaoneka bwino pa chitsanzo cha ngalande ya konkire ya makoma oongoka, ya mamita 4 m'lifupi, imene ikudutsitsa madzi okwana makiyubiki mita 12 pa sekondi kuchokera pansi pa chitseko, madziwo ali akuya mamita 0.30. Choyamba ndi kupeza liwiro, limene ndi kuchuluka kwa madzi kugawa ndi kukula kwa malo amene akudutsapo, ndipo popeza malowo ndi 4 × 0.30 = 1.2, liwiro ndi 12 / 1.2, kapena mamita 10 pa sekondi. Kafunde m'madzi akuya chomwechi kamayenda pa √(9.81 × 0.30), amene ndi mamita 1.716 pa sekondi, choncho nambala ya Froude ndi 10 / 1.716 = 5.83. Nambalayi yaposa 1 kutali, kusonyeza kuti madzi ndi othamanga ndipo kulumpha n'kotheka.

Chachiwiri ndi kuya kwa kumunsi. Nambala ya Froude itadzichulukitsa yokha imapereka 33.98, imene kuchulukitsa ndi 8 n'kuwonjezera 1 imafika 272.8, ndipo √272.8 ndi 16.52. Kuchotsapo 1 n'kugawa pawiri kumasiya 7.76, kutanthauza kuti madzi adzakhala akuya pafupifupi kasanu n'katatu kuposa poyamba, ndiye kuti mamita 2.328. Popeza madzi odutsa pa sekondi sanasinthe, liwiro latsopano ndi 12 / (4 × 2.328), kapena mamita 1.289 pa sekondi, ndipo nambala ya Froude yatsika kufika 0.27. Yankholi lingatsimikizidwe pobwerera ku maganizo a bokosi lija. Pa mita iliyonse ya m'lifupi, madzi a kumtunda akukankha ndi manyutoni 441, nyutoni pokhala muyeso wa kukankha, pamene a kumunsi akukankha ndi manyutoni pafupifupi 26,580, ndipo kusiyana kwake ndi pafupifupi 26,140. Pa mita yomweyo pamadutsa makilogalamu 3,000 a madzi pa sekondi, amene liwiro lawo latsika ndi mamita 8.711 pa sekondi, ndipo 3,000 × 8.711 ndi pafupifupi 26,130. Mbali ziwirizi zikugwirizana, kupatula kusiyana kochepa kobwera chifukwa chodula manambala.

Chachitatu ndi mphamvu yotayika. Madzi asanalumphe ali ndi mphamvu ya 0.30 + 100 / 19.62, amene ndi mamita 5.397, ndipo pafupifupi yonse ili m'liwiro. Atalumpha atsala ndi 2.328 + 0.085, amene ndi mamita 2.413, ndipo pafupifupi yonse ili m'kuya. Kusiyana kwake ndi mamita 2.98, ndipo fomula yachidule ija ikuvomereza, pakuti 2.028³ ndi 8.34, pamene 4 × 0.30 × 2.328 ndi 2.794, ndipo kugawa ziwirizi kumaperekanso 2.98. Gawo lotayika ndi pafupifupi 55 pa 100 alionse. Kuti mamita amenewa amveke ngati ntchito yeniyeni, amachulukitsidwa ndi kulemera kwa madzi odutsa pa sekondi, motere: P = ρ × g × Q × ΔE, pomwe Q ndi makiyubiki mita 12 aja, ndipo zotsatira zake ndi pafupifupi makilowati 350. Mphamvu yonseyi imasanduka kutentha, koma chifukwa madzi ndi ambiri ndipo amafuna mphamvu yochuluka kuti afunde, kutentha kwawo kumangokwera ndi madigiri 0.007, zimene dzanja silingamve ndipo chipangizo wamba choyezera kutentha sichingaonetse.

Ngati chitsanzo chomwechi chikanawerengedwa poganiza kuti palibe mphamvu yotayika, kuya kwa kumunsi kukanatuluka mamita 5.38, kuposa kuwirikiza kawiri kuya kwenikweni. Pa kangalande ka ku Parella kulakwa kwa maganizo oterowo kunali kochepa, koma pa chitseko cha damu n'kwa mamita atatu.

Pamene kutayika kwa mphamvu kunasanduka chida

Kwa zaka zambiri fomula ya Bélanger inali nkhani ya m'kalasi, ndipo mainjiniya ena ankakayikabe ngati ingadaliridwe pa madzi ambiri othamanga kwambiri. Chimene chinasintha zinthu chinali chigumula cha mu Malichi 1913, chimene chinamiza mzinda wa Dayton ndi midzi ina ya m'chigwa cha mtsinje wa Great Miami ku Ohio, m'dziko la America, n'kupha anthu oposa 300. Bungwe la Miami Conservancy District, limene linakhazikitsidwa mu 1915 ndipo injiniya wake wamkulu anali Arthur Morgan, linaganiza zomanga madamu asanu adothi amene amakhala opanda madzi nthawi zambiri, koma pa chigumula amasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kudzera m'mipita ya konkire yosatsekeka. Damu likadzaza, madzi amatuluka m'mipitayo ndi liwiro lokwanira kukumba pansi pa mtsinje mpaka kudya tsinde la damu ladothilo. Panafunika njira yophera liwirolo madzi asanakhudze dothi.

Mainjiniya a bungweli, pakati pawo Sherman Woodward, Ross Riegel ndi John Beebe, anayesa kulumpha kwa madzi pa zifanizo zing'onozing'ono, ndipo lipoti lawo la 1917 linaonetsa kuti fomula ya momentamu imagwirizana ndi miyeso, komanso kuti kulumpha kungakakamizidwe kuchitikira pa malo osankhidwa ngati pansi pakumbidwa mozama mokwanira. Madamu asanuwo, omwe ndi Germantown, Englewood, Lockington, Taylorsville ndi Huffman, anamalizidwa pofika 1922, lililonse lili ndi beseni la konkire kumapeto kwa mipita yake, momwe madzi amalumphira n'kutuluka ali odekha. Kuyambira pamenepo kutayika kwa mphamvu, kumene kunasokoneza Bélanger, kunakhala chinthu chimene womanga damu amachifuna mwadala ndi kuchiwerengera. Kukula kwa ngozi imene mabeseniwa amaletsa kumaoneka pa damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, lomalizidwa mu 1959, pomwe madzi a pa zitseko zisanu n'chimodzi amagwa kuchokera pamwamba mwachindunji pa thanthwe, ndipo m'kupita kwa zaka anakumba dzenje lakuya pafupifupi mamita 80 pafupi ndi tsinde la khomalo.

Funso limene fomula ya momentamu singayankhe ndi kutalika kwa kulumpha, chifukwa fomulayo imangoona mbali ziwiri za bokosi osati mtunda wa pakati pake, pamene womanga ayenera kudziwa kutalika kwa konkire imene athire. Boris Bakhmeteff, injiniya wa ku Russia amene anakhala kazembe wa dziko lake ku America mu 1917 ndipo pambuyo pake anaphunzitsa pa yunivesite ya Columbia, anafalitsa mu 1936 pamodzi ndi Arthur Matzke miyeso imene inasanja kulumpha konse potengera nambala ya Froude, kotero kuti zoyezedwa pa kangalande ka m'nyumba yoyesera zikanatha kugwira ntchito pa damu lalikulu. Ntchitoyi inafika pachimake ku Denver, m'nyumba yoyesera ya nthambi ya boma la America yoona za madamu ndi ulimi wothirira, pomwe Joseph Bradley ndi Alvin Peterka anasindikiza zotsatira zawo mu 1957, ndipo buku la Peterka la 1958 likugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri.

Iwo anaonetsa kuti khalidwe la kulumpha limasintha ndi nambala ya Froude ya madzi obwera. Pakati pa 1 ndi 1.7 madzi amangochita mafunde osalala, ndipo pakati pa 1.7 ndi 2.5 kulumpha kumakhala kofooka, kotaya mphamvu yochepa. Chigawo chovuta ndi cha pakati pa 2.5 ndi 4.5, pomwe madzi othamanga apansi amakwera pamwamba n'kubwereranso pansi mosakhazikika, ndipo kukwera kulikonse kumatumiza funde limene limayenda mtunda wautali likudya magombe adothi. Pakati pa 4.5 ndi 9 kulumpha kumakhazikika pa malo amodzi n'kutaya magawo 45 mpaka 70 pa 100 alionse, ndipo kupitirira 9 kumakhala kwaukali, kotaya mpaka magawo 85 koma kogwedeza konkire. Chitsanzo chowerengedwa chija, cha nambala 5.83, chili m'chigawo chabwino. M'chigawo chimenechi kutalika kwa kulumpha ndi pafupifupi kasanu n'kamodzi kuya kwa kumunsi, choncho beseni lafulati la ngalande ija liyenera kukhala la mamita pafupifupi 14, ngakhale kuti kuika mabuloko a konkire polowera ndi pakati, pamodzi ndi kakhoma kumapeto, kungadule kutalikako kuposa theka pamene liwiro silinapitirire mamita pafupifupi 18 pa sekondi. Kupitirira apo madzi amatafuna mabulokowo.

Malire a fomula ndi zizindikiro za kulakwa

Kulakwa kumene kumachitika kawirikawiri n'kuganiza kuti y₂ ndi kuya kumene madzi adzakhale nako mulimonse, pamene kwenikweni ndi kuya kumene kulumpha kumafuna kuti kuime pa malo amenewo. Kuya kwenikweni kwa kumunsi kumalamulidwa ndi mtsinje kapena ngalande ya kutsogolo, malinga ndi kutsetsereka kwake, kupapatiza kwake ndi kukhakhala kwa pansi pake. Ngati ngalande ya m'chitsanzo chija imangopereka madzi akuya mamita 1.8, kukankha kwawo sikukwanira kuimitsa madzi obwera, ndipo kulumpha kumakankhidwira kumunsi mpaka pamene kukhula kwa pansi kwachepetsa liwiro, mwina kunja kwa konkire. Zizindikiro zake ndi madzi osalala othamanga m'beseni lonse, thovu loyambira kuseri kwa kakhoma komaliza, ndi dzenje limene limakumbika pamenepo n'kumabwerera pansi pa konkire mpaka kuithyola. Mankhwala ake ndi kutsitsa pansi pa beseni ndi mamita opitirira pang'ono 0.53 amene akuperewera, kenako n'kuwerengeranso, popeza kutsitsako kumawonjezera liwiro la madzi ogwera m'besenimo ndipo y₂ imakwera pang'ono.

Madzi a kumunsi akakhala akuya mopitirira, kulumpha kumabwerera kumtunda n'kumira pa chitseko kapena pa phazi la khoma. Pamwamba pamaoneka bata, koma pansi madzi othamanga amapitirira mtunda wautali asanathe ukali, ndipo pamwamba pamakhala mzunguliro wobwerera ku khoma umene umagwira chilichonse choyandama n'kumachibweza. Mzunguliro umenewu ndi umene umamiza osambira ndi opalasa mabwato pa timadamu tatifupi timene timaoneka topanda ngozi. Pa chifukwa chimenechi kuwerengera sikuchitidwa pa chigumula chachikulu chokha, koma pa milingo ingapo ya madzi, kuyerekeza kuya kofunika ndi kuya kumene mtsinje umapereka pa mlingo uliwonse, pakuti beseni lokwanira pa madzi ochuluka likhoza kulephera pa madzi apakati.

Fomula ya Bélanger ndi ya ngalande yafulati ya makoma oongoka basi. Pa ngalande yotsetsereka, kulemera kwa madzi a m'bokosi kumakankhiranso kumunsi ndipo kuyenera kuwerengedwa. Pa ngalande ya makoma opendekera kunja, monga zambiri za ulimi wothirira, lamulo la momentamu ndi lomwelo koma fomula yachidule sigwira, ndipo kuya kumapezeka poyesa manambala mpaka mbali ziwiri zitafanana. Pamene pali mabuloko, kukankha kwawo kumathandiza madzi a kumunsi ndipo kuya kofunika kumachepa. Makoma a beseni ayeneranso kukhala aatali kuposa y₂, chifukwa madzi omeza mpweya amafufuma ndipo amathovoka. Zosintha zonsezi sizigwetsa dongosolo limene linayamba mu 1841 n'kuyesedwa pa madamu a ku Ohio: nambala ya Froude imanena ngati madzi angalumphe ndi mtundu wa kulumphako, momentamu imapereka kuya kwa kumunsi, ndipo mphamvu imawerengedwa pomaliza kuti ionetse chimene chatayika. Amene wasintha dongosololi n'kuyamba ndi mphamvu amabwereza kulakwa kwa 1828, ndipo pa ngalande ya mamita 4 ija amalakwitsa kuya kwa madzi ndi mamita atatu.